Nkhanga Zinapangana Kusanapse

Loko wapachitseko ndi kachitsulo kotchipa, koma ndinaona kakuimitsa sukulu yathunthu. Zinachitika kuno kwathu ku Kabanana, kuseri kwa tchalitchi china chimene sindichitchula, chifukwa anthu ake ndi abale anga ndipo ambiri a iwo anachita zimenezo ndi mtima woganiza kuti akuteteza katundu wa mpingo. Mpingowo unali ndi holo yopanda ntchito mkati mwa sabata. Gulu la amayi a m'komboni mwathu linali ndi makina osokera 8 amene linalandira kwa akufuna kwabwino, koma linalibe powaika. Akuluakulu a mbali ziwirizo anakumana, anagwirana chanza, anapemphera, nagwirizana kuti amayi aziphunzitsa kusoka m'mawa, ndipo masana achinyamata a mpingo aziphunzira pa makina omwewo. Ine ndinalipo tsikulo, ndipo ndinaomba nawo m'manja. Palibe amene anatulutsa pepala.

Zaka ziwiri zinayenda bwino. Chachitatu, mbusa amene anagwirana chanza ndi amayiwo anasamutsidwa, komiti ya mpingo inasinthidwa, ndipo msungichuma watsopano anayamba kufunsa chifukwa chake mayunitsi a magetsi akutha pasanathe sabata. Mawu anakula. Lolemba lina m'mawa ophunzira 22, amene anali m'mwezi wachinayi wa maphunziro a miyezi 6, anapeza loko watsopano pachitseko, makina ali mkati, nsalu zawo zodulidwa kale zili mkati. Njovu zikamamenyana wovutika ndi udzu. Ena mwa atsikanawo anali atalipira ndi ndalama zogulitsa tomato pamsika, ndipo sanabwererenso pa makina.

Ndikulemba kwa inu, ana anga a m'makomiti a mipingo, a makopaletivi, a magulu a achinyamata ndi a timasukulu ta luso, chifukwa kubwerekana malo ophunzirira kwachuluka m'makomboni athu. Kuyambira mu 2022, pamene ndalama za CDF zinakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu mmodzi, ndipo gawo lina likulipirira achinyamata maphunziro a luso, aliyense amene ali ndi chipinda kapena makina akufunafuna mnzake woti aphatikizane naye. Kuno ku Mandevu, monganso ku Kanyama, Matero ndi Chawama, malo ndi ochepa, ndipo wina ali ndi denga, wina ali ndi zipangizo, wina ali ndi mphunzitsi. Kuphatikizana n'kwabwino, mutu umodzi susenza denga. Koma dengalo likasenzedwa pafunika kudziwa kuti tsiku lolitsitsa lidzatsikira kuti, ndipo amene akhala pansi pake adzatuluka bwanji osavulala. Chikalata cha mgwirizano, chimene a m'maofesi amachitcha MoU, ntchito yake yaikulu ndi imeneyo.

Ndiyambe ndi funso limene anthu amalilumpha: kodi pepala limeneli limamanga munthu kukhoti? Ambiri amati ayi, ndi pepala la ulemu chabe. Ena amati inde, popeza pali siginecha ndi chidindo. Onse awiri akhoza kulakwa. Malamulo a mapangano amene makhoti a Zambia amatsata anachokera ku Mangalande, ndipo woweruza sayang'ana dzina lolembedwa pamwamba pa pepala. Amayang'ana mawu amkati ndi zimene eni ake anafuna. M'zaka za m'ma 1920 khoti lalikulu la ku Mangalande linaweruza mlandu wa Rose and Frank ndi Crompton, makampani ogulitsana mapepala amene analemba m'chikalata chawo kuti mgwirizanowo ndi lonjezo la ulemu, losapita nalo kukhoti. Atakangana, khoti linati mawu amenewo agwira ntchito: mgwirizano waukuluwo sungakakamizidwe, koma maoda a katundu amene anali atalandiridwa kale anali mapangano enieni oyenera kukwaniritsidwa. Phunziro lake kwa ife ndi lakuti pepala limodzi likhoza kukhala ndi mbali yomanga ndi mbali yosamanga, ndipo ndi inuyo amene muyenera kunena kuti iti ndi iti. Mawu onena za cholinga chanu, za kutukula achinyamata, asiyeni akhale a ulemu. Koma ndime za ndalama, za umwini wa katundu, za notisi ndi za ophunzira, lembani poyera kuti mbali zonse ziwiri zikufuna kuti zimenezi zikhale zomanga mwalamulo. Mukapanda kutero, tsiku la mkangano aliyense adzawerenga pepalalo mokomera iye mwini.

Funso lotsatira ndi lakuti wosaina ndani. Ku holo kuja amene anagwira chanza anali mbusa, munthu wokoma mtima, koma holoyo sinali yake. M'mipingo yambiri malo amalembedwa m'dzina la matrasti kapena la likulu la mpingo, ndipo mbusa wa pamalopo alibe mphamvu yobwereketsa popanda chilolezo. Gulu la amayi nalo liyenera kuonetsa setifiketi yake, kaya linalembetsa ngati kopaletivi, kaya kwa mlembi wa mabungwe, kaya ku PACRA, ndipo dzina lolowa m'chikalata likhale lomwelo la pa setifiketi, osati dzina limene timaitanirana pamsewu. Pemphani kuona maminitsi a msonkhano umene unavomereza mgwirizanowo ndi kusankha osaina, ndipo muwaphatike kumapeto kwa chikalata. Musachite manyazi kupempha zimenezi kwa abusa kapena kwa amayi apampando. Mbewa yamanyazi inafera kuuna. Komiti yatsopano ikadzabwera n'kunena kuti sitikudziwa za zimenezi, maminitsi amenewo ndiwo adzayankhe.

Tsopano za maudindo. Zikalata zambiri zimene ndawerenga zimati mbali zonse ziwiri zidzasamalira malowo mogwirizana. Mawu amenewo ndi okoma m'khutu, koma sanena kuti Lachitatu chimbudzi chikadzaza woitana galimoto yopopa ndani. Ntchito ya aliyense ilembedwe ndi dzina la udindo wake, tsiku lake ndi ndalama yake. Titenge holo ija. Gulu la amayi lilowa 07:30, lituluka 12:30, Lolemba mpaka Lachisanu. Achinyamata a mpingo alowa 13:30, atuluka 17:00. Ola la pakatilo ndi la kusesa ndi kupatsirana. Loweruka ndi Lamlungu holo ndi ya mpingo. Nanga pakagwa maliro kapena msonkhano waukulu mkati mwa sabata? Lembani kuti mpingo ukhoza kutenga holo masiku angati pa teremu, ndi kuti udziwitse masiku angati pasadakhale, kupatula maliro amene sapangana, ndipo maola otayikawo adzabwezedwa liti. Makiyi akhale awiri okha, dzina la wosunga aliyense lilembedwe, ndipo pasakhale wosintha loko popanda mnzake. Chiganizo chimenechi, chachidule chomwecho, chikanapulumutsa atsikana 22.

Pa ola la kupatsirana pakhale buku la kawundula, lachikuto cholimba, lokhala m'holo momwemo. Wotuluka ndi wolowa ayendere limodzi makina onse, aone ngati akuyenda, awerenge mabobini, masizasi ndi nsimbi, asaine onse awiri. N'zotopetsa, ndikudziwa, ndipo ndi mphindi 10 tsiku lililonse. Koma nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka, ndipo ikaguluka aliyense amati ndinaipeza choncho. Bukulo limaonetsa kuti makina anafera m'manja mwa ndani. Pamenepo gawani kuwonongeka pawiri. Kutha kwa masiku onse, monga singano, lamba, mafuta ndi kuitana makaniko kamodzi pa teremu, kulipiridwe kuchokera m'thumba la onse, limene mbali iliyonse iponyamo ndalama yofanana pa wophunzira aliyense. Kuwononga kwa kusasamala, monga kugwetsa mutu wa makina kapena kupsereza mota, kulipiridwe ndi mbali imene inali ndi holo pa nthawiyo, pasanathe masiku 14. Kuba kwa usiku ndi nkhani ina: nenani amene alipira mlonda, ndipo ngati mungathe, lembetsani makinawo ku inshuwalansi m'dzina la mwini wake.

Magetsi ndiwo anayatsa moto ku holo kuja, choncho ndiimepo pang'ono. Yunitsi imodzi ya ZESCO ndi mawati 1,000 oyaka ola limodzi. Tiyerekeze kuti makina 8 aja ndi amota ya mawati 400 iliyonse. Onse pamodzi ndi mawati 3,200, ndipo akayenda maola 4 osapuma adya mayunitsi pafupifupi 13. Nsimbi ziwiri za mawati 1,500 iliyonse, zikayaka maola 2, zidya mayunitsi 6. Pamodzi ndi mayunitsi 19 m'mawa umodzi, 95 pa masiku 5. Kunena zoona makina sayenda osapuma, ndiye chiwerengero chenicheni chimatsikirapo, koma muone kuti nsimbi ziwiri zokha zikutenga pafupifupi gawo limodzi la magawo atatu. Msungichuma wa mpingo, amene anazolowera mayunitsi a mababu ndi zokuzira mawu za Lamlungu, sanali wabodza pamene anati magetsi akutha msanga. Amayi nawo sanali abodza pamene anati achinyamata a masana amasiya nsimbi zikuyaka. Onse ankaganizira, palibe amene anayeza. Mankhwala ake ndi mita yaing'ono yoikidwa ndi wamagetsi wodziwa ntchito pa waya wolowa m'holo, yowerengedwa pa ola la kupatsirana n'kulembedwa m'buku lija. Kumapeto kwa mwezi aliyense alipira mayunitsi ake, ndipo lisiti limatidwa m'buku. Ngati tsiku lina mudzafuna kuonjezera kuwotcherera zitsulo kapena uvuni wophikira, bwererani pa tebulo, chifukwa zimenezo zimadya magetsi ochuluka ndipo mawaya a holo ya mapemphero sanapangidwire katundu wotere. Chikalata chitchule maphunziro ololedwa m'malowo ndi maina awo.

Pali udindo wina umene suoneka ndi maso, ndipo ndi umene umapweteka kwambiri: ophunzirawa ndi a ndani? Bungwe la TEVETA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1998, ndilo limalembetsa masukulu a luso ndi kuyendetsa mayeso ake. Polembetsa limayendera malo, kuona zipinda, zipangizo, zimbudzi ndi maphunziro a aphunzitsi. Ndalama za CDF zolipirira maphunziro a luso zimatsata masukulu ovomerezeka otere. Ndiye ngati pa mabungwe awiri lolembetsa ndi limodzi lokha, chikalata chinene poyera kuti ophunzira amene adzalemba mayeso alembedwa m'dzina la ndani, wolandira fizi ndi kupereka lisiti ndani, wotumiza maina ndi ndalama za mayeso ndani, ndipo wosunga mafayilo a ophunzira ndani. Bungwe losalembetsa lisauze ana a anthu kuti adzalandira setifiketi ya TEVETA pongodalira kuti likugona m'nyumba ya mnzake wolembetsa. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Komanso wolembetsayo akumbukire kuti malo amene anayenderedwa ndi amenewo. Mgwirizano ukatha n'kusamukira kwina, malo atsopanowo ndi nkhani yatsopano kwa oyendera. Chimenechi chokha ndi chifukwa chokwanira chosalola kuti munthu akutulutseni ndi notisi ya sabata imodzi.

Tafika pa nthawi ya mgwirizano. Ambiri amalemba kuti ukhala mpaka pamene mbali imodzi idzafune kuusiya, ena salemba kanthu, ena amalemba zaka 10 pofuna kuonetsa chikondi. Ine ndikuti yezani nthawi ndi maphunziro, osati ndi kalendala ya pakhoma kapena ndi kukoma kwa ubale. Ngati maphunziro anu ndi a miyezi 6 ndipo mumalemba ophunzira mu Januwale ndi mu Julayi, chaka chimodzi ndi magulu awiri athunthu. Lembani tsiku loyamba ndi tsiku lotsiriza ndi manambala, ndipo tsiku lotsirizalo ligwe pambuyo pa mayeso a gulu lachiwiri, osati pakati pa teremu. Kenako ikani tsiku lokumana, miyezi 3 mgwirizano usanathe, loti mudzawerenge buku lija, muone ngongole, mumvane ngati mupitiriza. Kupitiriza kukhale kolembedwa ndi kusainidwa mwatsopano. Sindikonda ndime yoti mgwirizano udzipitirira wokha ngati palibe wolankhula, chifukwa m'makomiti athu anthu amasintha chaka ndi chaka, ndipo pepala lodziyendera lokha limaiwalika mpaka tsiku limene wina adzalifuna ngati chibonga.

Pali chifukwa chinanso cha malamulo choyambira ndi chaka chimodzi. Lamulo la Lands and Deeds Registry Act limati chikalata cha lendi kapena cholola munthu kukhala pamalo kwa nthawi yoposa chaka chimodzi chiyenera kulembetsedwa ku ofesi ya za malo, ndipo chosalembetsedwa pa nthawi yake chimakhala chopanda mphamvu. Malo a m'makomboni athu ali ndi mapepala osiyanasiyana, ena a unduna wa za malo, ena a khansolo, ndiye kolembetsera kumatsata pepala la malowo. Ngati mukufunadi zaka 3 kapena 5, mwina chifukwa mukufuna kumangapo kapena chifukwa opereka thandizo akufuna umboni wa malo okhazikika, musazibise m'chikalata cha mgwirizano. Tengani pepala la malowo, pitani nalo kwa loya kapena ku Legal Aid Board, mupange pangano la lendi lenileni, ndipo chikalata cha mgwirizano chikhale cha kagwiritsidwe ntchito ka tsiku ndi tsiku. Safunsa anadya phula. Mwini malo nayenso zimamuteteza: chikalata chinene kuti mnzakeyo walandira chilolezo cholowa pa maola otchulidwa, sanalandire umwini, ndipo sangabwereketsenso malowo kwa gulu lachitatu.

Nthawi imakhalanso ndi masiku amene palibe wolakwa. Kumayambiriro kwa 2024 kolera inatseketsa masukulu mpaka pa 12 Febuluwale, ndipo bwalo la National Heroes, lomwe tikuliona tikamatsika msewu wa Great North, linasanduka chipatala. Chaka chomwecho madzi atachepa ku Kariba, magetsi ankazima maola ambiri pa tsiku, nthawi zina kupitirira 17. Makina amota anangokhala chete. Chikalata chanzeru chimanena kuti boma likatseka masukulu, kapena malo akalephera kugwiritsidwa ntchito chifukwa cha mliri kapena madzi osefukira kwa masiku oposa 14, masiku otayikawo aonjezedwa kumapeto kuti gulu limalize, ndipo ndalama ya malo ya masiku amenewo ichepetsedwa kapena siilipiridwa. Za magetsi, mvanani ngati maola akhoza kusinthana potsata ndandanda ya ZESCO, kuti gulu limodzi lisamakhale mumdima masiku onse pamene linalo likusoka. Ngati mugula jenereta kapena sola pamodzi, ilembedwe pa ndandanda ya katundu tsiku lomwelo, ndi ndalama imene aliyense anaponya.

Tsopano ndime imene ine ndimailemba poyamba ngakhale imakhala kumapeto kwa pepala: kasiyanidwe. Anthu amaiopa. Amati kulankhula za kusiyana tsiku la kugwirizana ndi kuitana tsoka, ndi kukayikira mnzako. Makolo athu sankaganiza choncho. Ankati nkhanga zinapangana kusanapse, chifukwa moto ukafika m'tchire palibenso nthawi yofunsana kothawira. Tsiku losaina ndi tsiku limene mumakondana kwambiri, ndiye ndi tsiku limene mungagawane mwachilungamo. Mukadikira mkangano, aliyense adzakhala akuwerenga mabala ake.

Kusiyana kuli mitundu iwiri, ndipo musaisakanize. Koyamba ndi kopanda mlandu: mpingo wafuna holo yake pa ntchito ina, kapena amayi apeza malo awoawo. Mlendo ndi mame, ndipo palibe choipa kuti apite. Apa pafunika notisi yolembedwa, yosainidwa ndi amene ali ndi mphamvu, yoperekedwa kwa mlembi wa mbali inayo amene asaina kuti walandira. Uthenga wa pafoni kapena chilengezo cha paguwa si notisi. Masiku ake akhale 90, koma muonjezere mawu amene ndi mtima wa chikalata chonse. Ine ndimawalemba chonchi: ngakhale notisi itaperekedwa, ophunzira onse amene analembedwa kale adzapitiriza kugwiritsa ntchito malo ndi zipangizo mpaka atamaliza maphunziro ndi mayeso awo, ndipo kuyambira tsiku la notisi palibe mbali imene idzalemba ophunzira atsopano odalira malowa. Tiike pa holo ija. Notisi yaperekedwa pa 1 Epulo, gulu linayamba mu Januwale ndipo limaliza kumapeto kwa Juni. Masiku 90 akutha kumapeto kwa Juni komweko, zonse zagwirizana, ndipo gulu la Julayi silitengedwa. Koma notisi ikaperekedwa pa 1 Ogasiti, masiku 90 atha kumapeto kwa Okutobala pamene gulu la Julayi latsala ndi miyezi iwiri. Pamenepo mawu aja akuti chitseko chikhala chotsegula mpaka Disembala. Mwini holo wataya miyezi iwiri. Ana apulumutsa maphunziro awo ndi fizi yawo.

Kusiyana kwachiwiri ndi kwa mlandu: mbali imodzi sikulipira mayunitsi miyezi iwiri, kapena ikugwiritsa ntchito holo pa zimene simunapangane. Apa pakhale makwerero. Choyamba kalata yotchula cholakwacho ndi kupereka masiku 30 oti chikonzedwe. Chikapanda kukonzedwa, apampando awiri akumane pasanathe masiku 7. Akalephera, apite kwa mkhalapakati amene munamutchula kale m'chikalata, ndipo mutchule udindo osati dzina la munthu, monga wapampando wa komiti ya chitukuko ya wadi kapena mtsogoleri wa mpingo wina amene nonse mumamulemekeza. Zikakanika pamenepo ndiye mgwirizano uthe, ndipo ngongole itsatidwe kukhoti ngati pafunika. Mlandu suola, ngongole ya mayunitsi idzapezeka ngakhale chaka chamawa, koma teremu ya mwana ikapita yapita. Choncho ngakhale pa kusiyana kwa mlandu, ophunzira amalize. Chokhacho chimene chingatseke chitseko tsiku lomwelo ndi choopsa pa moyo kapena pa ulemu wa ophunzira, monga mawaya oyaka, khoma lofuna kugwa, kapena mphunzitsi wozunza atsikana. Zimenezo zitchulidwe padera, ndipo nkhani ya nkhanza ipite kupolisi, isathere m'komiti.

Chotsala ndi katundu, ndipo apa ndi pamene abale amadana mpaka kumanda. Tsiku losaina lembani ndandanda: makina alionse ndi mtundu wake ndi nambala yosindikizidwa pa chitsulo chake, matebulo, mipando, nsimbi, mwini wake ndani, ali bwanji. Jambulani zithunzi, mbali iliyonse isunge zake. Ngati makina anachokera kwa opereka thandizo, werengani kalata yawo, chifukwa ena amaika malire pa kugulitsa kapena kusamutsa zimene anapereka. Lembaninso kuti palibe mbali imene idzagwira katundu wa inzake ngati chikole cha ngongole. Ku holo kuja makina anakhala m'chitseko chotseka miyezi yambiri, nyengo ya mvula inadutsa, ndipo potuluka ena anali ndi dzimbiri.

Zovuta kwambiri ndi zimene sizinyamulika. Amayi aja anaika zitsulo m'mawindo, anatsira simenti pansi, anakoka mawaya atsopano. Potuluka anafuna ndalama zawo zonse, mpingo unati sitinakutumeni. Njira yachilungamo ndi iyi: pasakhale chomanga kapena chokonza chachikulu popanda chilolezo cholembedwa cha mwini malo, malisiti asungidwe, ndipo mugwirizane zaka zimene ndalamayo idzakhale itadyedwa. Tiyerekeze kuti zonse zinadya K18,000 ndipo mwagwirizana zaka 3, ndiye kuti chaka chilichonse chikudya K6,000. Mwini malo akathetsa mgwirizano popanda mlandu patatha chaka chimodzi, abweza K12,000. Patatha zaka ziwiri, abweza K6,000. Zaka 3 zikakwana palibe chobweza, zitsulo ndi simenti zatsala za mwini malo. Ngati amene anamangayo ndiye wachoka mwa kufuna kwake, kapena wachotsedwa chifukwa cha mlandu wake, mukhoza kumvana kuti salandira kanthu kapena alandira theka. Chofunika n'chakuti masamuwa achitike lero, pamene palibe amene akudziwa kuti adzakhala mbali iti.

Tsiku lotuluka nalo lilembedwe mmene lidzayendere. Pasanathe masiku 14 ophunzira omaliza atalemba mayeso, anthu awiri a mbali iliyonse akumane m'holo ndi mboni imodzi, atenge ndandanda ija, ayendere katundu mmodzimmodzi, awerenge mita komaliza, agawane zotsala m'thumba la onse molingana ndi mmene anaponyera. Mafayilo a ophunzira apite kwa bungwe limene linawalemba, ndipo ophunzirawo auzidwe kumene adzatengere masetifiketi awo akadzatuluka, popeza zotsatira zimabwera anthu atasiyana kale. Makiyi abwezedwe, ndipo onse asaine pepala limodzi lonena kuti palibe wotsala ndi ngongole, kapena lotchula ngongole yotsalayo ndi tsiku lolipira.

Chikalata chonsechi sichifuna masamba 20. Masamba 4 kapena 5 akwana, kuphatikizapo ndandanda ya katundu ndi ya maola. Ngati chalembedwa m'Chingerezi kuti a maofesi awerenge, pakhalenso cha m'Chinyanja, ndipo munene kuti pakasiyana mawu chotsatidwa ndi chiti. Chiwerengedwe mokweza pamaso pa makomiti onse awiri asanasaine, tsamba lililonse lisainidwe m'munsi, mbali iliyonse itenge lake, ndipo kope lina likhale m'buku la m'holo. Komiti yatsopano ikasankhidwa, mlembi wakale achipereke m'manja mwa watsopano pa msonkhano woyamba, ndipo apampando awiriwo akaonane mwezi womwewo, ayendere holo limodzi, aone mita ndi buku.